Kulemba imelo yonena za malo oopsa kuntchito: pali pati, ndipo afike liti

Munthu amene adzatsegule imelo yanu ku ofesi yoyang'anira nyumba sanaone zimene inu mwaona. Ali pa desiki pake, kapena akuyenda foni ili m'manja, ndipo akudikiridwa ndi mulu wa madandaulo ena. Wina babu lamupsera, wina chitseko chikukana kutsekeka, wina akuti mu ofesi mwake mukutentha. Onsewa alemba kuti zawo n'zachangu. Akafika pa yanu amafuna kudziwa zinthu ziwiri asananyamuke pampando: atume munthu pati, ndipo munthuyo afike nthawi yanji. Imelo ikamuyankha zimenezi popanda iye kukuimbirani kuti afunse, ndiye kuti mwailemba bwino.

Titenge vuto limodzi n'kuyenda nalo mpaka kumapeto. Ndi Lachiwiri m'mawa, nthawi ili 8:15. Mukudutsa m'kolido kupita kukachita fotokope, phazi likuterereka pa matailosi, mukugwira khoma. Mukuyang'ana m'mwamba, mukuona siling'i yasintha mtundu ndipo yatupa ngati mimba. Madzi akutsika pansi, ena akutsetsereka ndi khoma kulowera pamene pali soketi ya makina a fotokope. Palibe wavulala, palibe utsi. Ambiri pamenepa amangolumpha madziwo n'kupitirira, aliyense akuganiza kuti wina wanena kale.

Choyamba: imelo idikire, pamalopo pasadikire

Imelo siikuwa. Ikhoza kukhala ola lathunthu osatsegulidwa chifukwa mwini wake ali pamsonkhano. Ndiye musanakhale pansi, dzifunseni ngati munthu angavulale m'mphindi khumi zikubwerazi. Ngati pali moto, utsi, fungo la gasi, waya wothetheka kapena munthu wagwa kale, iwalani za imelo: chenjezani anthu, lizani belu la moto ngati lilipo, imbani nambala ya zadzidzidzi. Kulemba kudzabwera pambuyo, kukhala umboni wa zimene zachitika.

Vuto lathu la madzi lili pakati. Silikufuna belu, koma silingasiyidwenso choncho. Ikani ndowa pamene madzi akugwera, muli mutaima pambali osati pansi pa siling'i yotupayo, chifukwa bolodi la siling'i likamwa madzi limalemera ndipo limagwa osachenjeza. Tsekani njira ndi chikwangwani cha oyeretsa chija cha pansi ponyowa, kapena mipando iwiri ndi pepala lolembedwa ndi zilembo zazikulu. Uzani amene amakhala pafupi kuti makinawo asagwiritsidwe ntchito.

Chimene simuyenera kuchita ndi kugwira pulagi kapena swichi ya pasoketipo. Manja ambiri amathamangira pamenepo, ndi mtima wabwino, koma mukhala mutaponda ponyowa n'kugwira chinthu chimene mwina chanyowa kale mkati. Khungu lonyowa limalola magetsi kudutsa mosavuta kuposa louma. Ena amadzilimbitsa mtima kuti zikavuta buleka igwa yokha. Buleka wamba, ya maampeya 20 kapena 32, anaiika kuti iteteze mawaya asapse, osati kuteteza munthu. Imene imateteza munthu ndi ija imadula magetsi akangothawa ndi mamiliampeya 30, ndipo ampeya imodzi ndi mamiliampeya 1,000, ndiye mukhoza kuona kutalikirana kwake. Si nyumba zonse zili ndi yachiwiriyi pa soketi iliyonse, ndipo inu mutaima m'kolido simungazindikire. Magetsi a pamalo onyowa amazimitsidwira ku bokosi la magetsi, ndi munthu wololedwa kutsegula bokosilo.

Kenako imbani foni kwa oyang'anira nyumba, kapena pitani kwa mlonda wa pachipata ngati ndiye ali ndi njira yowapezera msanga. Lembani penapake nthawi imene mwaimba ndi amene wayankha. Foni ikalira osayankhidwa, nazonso lembani. Zilowa m'imelo.

Chachiwiri: bwererani pamalopo mukatenge adiresi yake

Apa m'pamene maimelo ambiri amagwera, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Inu mumagwira ntchito pamalopo tsiku ndi tsiku, ndiye mukati "pafupi ndi kwathu kuno" kapena "pa fotokope paja" mumaona ngati mwamaliza kufotokoza. Koma amene adzabwere ndi makwerero mwina ndi pulambala wochokera kunja, amene sanalowepo m'nyumbayo. Komanso m'nyumba yaikulu makina a fotokope amakhala angapo. Munthu akhoza kufika pa makina ena, n'kupeza pouma, n'kubwerera kukanena kuti palibe vuto. Dandaulo lanu latsekedwa, madzi akadagwabe.

Fotokozani malo kuyambira pachachikulu kutsikira pachaching'ono, monga mmene munthu angayendere. Yambani ndi nyumba, ngati pamalopo pali nyumba zingapo, ndipo itchuleni ndi dzina kapena chilembo cholembedwa pakhoma pake, osati dzina limene antchito munaipatsa nokha. Kenako nsanja. Pamenepa pali msampha: m'mayiko ena nsanja yoyamba ndi yapansi penipeni, pomwe m'mayiko ena yapansi siiwerengedwa ndipo yoyamba ndi imene mumafika mukakwera masitepe kamodzi. Anthu awiri a ofesi imodzi akhoza kuwerenga mosiyana. Njira yothawira mkanganowu ndi kulemba nambala imene ili pa batani la m'chikepe kapena pakhoma la pamasitepe, n'kunena kuti mwaitenga pamenepo.

Mukatero perekani chizindikiro chosasuntha. Nambala ya chitseko ndiyo yabwino koposa. Kolido ilibe nambala, koma zitseko zake zili nazo, ndiye mukati "pakati pa chipinda 214 ndi 216" mwamuimika munthu pamalo osapitirira mamita ochepa. Chozimira moto chopachikidwa pakhoma, chitseko cha masitepe, zenera la kumapeto, zonsezi n'zizindikiro zabwino. Desiki ya munthu, maluwa a mumphika kapena bini si zabwino, chifukwa mawa zikhoza kukhala kwina.

Samalani ndi mawu akuti kumanja ndi kumanzere. Kumanja kwa munthu wochokera kuchikepe ndi kumanzere kwa wochokera kumasitepe a kumbuyo. Mukawagwiritsa ntchito, nenani kumene munthuyo akuchokera: "kumanja mukamachokera kuchikepe".

Chomaliza, yang'anani ngati zipangizo za pamalopo zili ndi nambala zawo. M'nyumba zosamalidwa bwino soketi imakhala ndi kapepala komatidwa kosonyeza bokosi la magetsi ndi buleka imene imaidyetsa, mwachitsanzo DB2/14. Werengani muli patali, kapena jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Kwa inu tizilembo timeneti tilibe tanthauzo, koma wamagetsi akationa amapita molunjika kukazimitsa buleka yoyenera, m'malo moyesa imodziimodzi n'kuzimitsira anzanu makompyuta. Ngati kapepalako palibe, nenani kuti palibe.

Adiresi ya vuto lathu yatuluka motere: Nyumba B, nsanja 2 malinga ndi batani la m'chikepe, kolido ya kum'mawa, pakati pa chipinda 214 ndi 216, kumanja mukamachokera kuchikepe, pamwamba pa makina a fotokope, soketi DB2/14. Yesani kuwerengera mnzanu wa dipatimenti ina mzere umenewu. Akafunsa kuti "kuti kwenikweni?", mzerewo sunakwane.

Chachitatu: changu chisonyezeni ndi zimene mwaona

Mawu akuti "mwachangu" anatha mphamvu kalekale. Aliyense amawalemba, ngakhale wofuna kuti amusinthire mpando. Woyang'anira nyumba amene wakhalitsa pantchito amawadumpha n'kufunafuna mfundo zoti ayezere yekha. Ndiye ntchito yanu ndi kumupatsa mfundozo, ndipo zimachokera ku mafunso atatu.

Funso loyamba: zikavuta, choipitsitsa chimene chingachitike n'chiyani? Pa vuto lathu pali zitatu, ndipo sizilemera mofanana. Munthu akhoza kuterereka n'kuthyoka. Bolodi likhoza kugwera wodutsa. Madzi akhoza kulowa m'soketi, wina n'kugwidwa ndi magetsi kapena moto n'kubuka. Chachitatuchi n'chimene chingaphe munthu, choncho n'chimene chiyenera kuyamba m'imelo. Ndaona anthu akulemba ndime yonse yodandaula za matailosi oterera, soketi n'kuitchula kumapeto ngati choiwalika. Imelo yotero imapita kwa oyeretsa, n'kubwera munthu ndi mopu, pomwe pamafunika wamagetsi.

Funso lachiwiri: ndani amadutsa pamenepo, ndipo kangati? Madzi a m'chipinda chosungiramo katundu chimene chimatsegulidwa kamodzi pa sabata ndi osiyana ndi madzi a m'kolido yopita kuchimbudzi. Nenani chiwerengero chimene mukuchidziwa, monga kuti maofesi asanu ndi limodzi amadutsa pamenepo. Ngati kolidoyo ndi njira yothawira moto, nenani. Ngati pamadutsa alendo, odwala, ana kapena munthu woyendera ndodo, nenaninso, chifukwa amenewa sadziwa kuti pali vuto ndipo ena sangathe kulumpha.

Funso lachitatu, limene ambiri salifunsa: kodi vutolo laima kapena likukula? Ili limafuna kuti mubwerere pamalopo kachiwiri, ndipo n'lamphamvu kuposa onse. Munaika ndowa ya malita 10 nthawi ya 8:15. Mukubwerera 10:15, mukupeza yafika theka. Ndiye kuti madzi akugwa malita awiri ndi theka pa ola. Ndowayo idzaza pomafika 12:15. Masana mukhoza kumaitaya, koma anthu akaweruka 5 koloko madzulo mpaka 7 koloko mawa m'mawa ndi maola 14, amene ndi malita 35 opanda wowataya. Chitaninso chimodzimodzi ndi khoma: ngati nthawi ya 8:15 chinyezi chinali masentimita 60 pamwamba pa soketi ndipo tsopano chili pa 30, mwapeza chifukwa chonenera kuti magetsi azimitsidwe ola lino lisanathe. Musayeze ndi rula pakhoma lonyowa. Yerekezerani ndi maso, kapena ndi kutalika kwa tailosi, ndipo lembani kuti "pafupifupi".

Musamvetse molakwa, sindikunena kuti mudikire maola awiri musananene. Foni munaimba kale 8:20, ndipo imelo yaifupi ikhoza kupita nthawi yomweyo. Koma ngati pofika 10:15 palibe wabwera, manambala amenewa ndi amene adzasunthe munthu pampando.

Mayankho atatuwa amakupatsani nthawi yoti mupemphe, ndipo muilembe ndi manambala. "Msanga" kwa wina ndi lero, kwa wina ndi Lachisanu. Gawaninso pempholo pawiri: kuchotsa choopsa, ndi kukonza. Kuzimitsa buleka ndi kutchinga njira ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo mukhoza kuipempha kuti ichitike isanakwane 11 koloko. Kupeza paipi yodonthayo, kuitseka ndi kusintha bolodi kukhoza kufuna munthu wakunja ndi chilolezo cha ndalama. Mukaziphatikiza n'kuti zonse zichitike pompano, amene akuwerenga amaona chinthu chosatheka ndipo zonse zimadikira limodzi.

Ngati kuntchito kwanu kuli magulu ake a changu, monga 1, 2 ndi 3 kapena mitundu, gwiritsani ntchito amenewo ndipo nenani chifukwa chimene mwasankhira gulu limenelo. Musakweze dala. Munthu amene amalemba chilichonse ngati ngozi ya moyo amadziwika, ndipo tsiku limene zidzakhale zoona imelo yake idzatsegulidwa komaliza.

Chachinayi: ipite kwa yani, ndipo mutu wake ukhale wotani

Pa To ikani adiresi ya ofesi yoyang'anira nyumba, ija imaonedwa ndi anthu angapo, ngati ilipo. Mukatumiza kwa munthu mmodzi yekha chifukwa mumadziwana naye, tsiku limenelo akhoza kukhala patchuthi. Pa Cc ikani bwana wanu wapafupi ndi amene amaona za chitetezo cha antchito. Basi. Kukopera kampani yonse kumaoneka ngati mphamvu, koma kumabala zinthu ziwiri zoipa: aliyense amaganiza kuti wina achitapo kanthu, ndipo oyang'anira nyumba amayamba kudziteteza m'malo motuma munthu. Anzanu a m'kolidomo achenjezeni ndi uthenga wina wapadera. Ngati kuntchito kwanu madandaulo amalowetsedwa pa fomu ya pakompyuta, lowetsani, ndipo nambala imene yatuluka muilembe m'imelo.

Bwana wanu pa Cc sakhalapo mwaulemu chabe. Pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la chaka cha 1981, pa gawo 19 limanena kuti wantchito adziwitse mwamsanga womuyang'anira wapafupi akaona chinthu chimene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti chikuika moyo kapena thanzi lake pachiswe chachikulu posachedwa, ndiponso kuti wolemba ntchito asamukakamize kubwerera pamalopo choopsacho chikadalipo. Gawo 13 limateteza wantchito amene wachoka pamalo otero kuti asalangidwe mosayenera. Mmene izi zimagwirira ntchito zimatengera malamulo a dziko lanu, koma mfundo yake ndi yakuti kunena ndi udindo wanu, ndipo imelo ndi umboni wakuti munanena, tsiku lakuti, nthawi yakuti.

Pa Subject ndi pamene pali theka la ntchito. Foni imadula mutu wautali n'kungoonetsa mawu oyambirira, ndiye yambani ndi choopsacho, kenako malo, kenako nthawi. Mutu wakuti "Dandaulo" kapena "Chonde thandizeni" sunena kanthu. Wathu ukhale wotere:

NGOZI: madzi akuyandikira soketi, Nyumba B nsanja 2 pa 214, zimitsani isanakwane 11:00

Liwu limodzi la zilembo zazikulu ndi lokwanira. Mu Outlook muli batani la High Importance limene limaika chizindikiro chofiira, ndipo pa vuto ngati ili m'poyenera kulidina, koma musalidalire, chifukwa si mapulogalamu onse amachionetsa. Komanso musalembe za ngozi poyankha imelo yakale ya nkhani ina, monga ya makiyi kapena ya malo oimika galimoto. Idzakwiririka pansi pa mutu wakalewo.

Chachisanu: imelo yeniyeniyo

Onani kaye imene anthu ambiri amatumiza:

"Mwadzuka bwanji abwana. Pepani kukuvutitsani, ndimati ndikudziwitseni kuti kuno kwathu kukudontha madzi kwambiri, ndipo si koyamba. Anthu a makina oziziritsa mpweya aja sanagwire bwino ntchito. Chonde tithandizeni mwachangu munthu asanavulale."

Ulemu ulimo, koma mulibe nsanja, mulibe nthawi, soketi sinatchulidwe, ndipo mwaweruzidwa kale anthu amene mwina alibe mlandu. Woilandira ayenera kuyankha ndi mafunso, inu muyankhe, iye afunsenso, tsiku n'kutha.

Nayi imene ingatumize munthu pamalopo:

"Kwa oyang'anira nyumba,

Madzi akudontha kuchokera ku siling'i ndipo ena akutsika ndi khoma kulowera pa soketi imene ikadali ndi magetsi. Ndikupempha kuti wamagetsi azimitse buleka ya soketiyo isanakwane 11:00 m'mawa uno, ndipo kudonthako kutsekedwe anthu asanaweruke 5:00 madzulo.

Malo ake ndi Nyumba B, nsanja 2 malinga ndi batani la m'chikepe, kolido ya kum'mawa, pakati pa chipinda 214 ndi 216, kumanja mukamachokera kuchikepe. Ndi pamwamba pa makina a fotokope. Pa soketi palembedwa DB2/14.

Ndinaona vutoli lero Lachiwiri nthawi ya 8:15 nditaterereka pamenepo, koma sindinavulale. Bolodi limodzi la siling'i latupa ndipo lalendewera. Ndowa ya malita 10 imene ndinaika 8:15 inali itafika theka pofika 10:15. Chinyezi cha pakhoma chinali pafupifupi masentimita 60 pamwamba pa soketi, tsopano chili pafupifupi 30. Sindinaone utsi kapena kuthetheka, ndipo sindinamve fungo la kupsa. Gwero la madziwo sindinalione. Pafupi pomwepo pali makina oziziritsa mpweya, ndipo nsanja 3 ili ndi zimbudzi mbali yomweyo.

M'kolidoyi mumadutsa anthu a maofesi asanu ndi limodzi, ndipo ndi njira yopita kumasitepe othawira moto.

Ndatchinga mbali yonyowayo ndi chikwangwani ndi mipando iwiri, n'kusiya mpata wodutsira kumanzere. Ndauza a m'zipinda zapafupi kuti asagwiritse ntchito makinawo. Pulagi ndi swichi sindinazigwire. Ndinaimba foni ya ofesi yanu 8:20 ndi 9:30 koma sinayankhidwe.

Chonde ndiyankheni kuti mwalandira ndiponso kuti abwera ndani. Ndili m'chipinda 212 mpaka 1:00 masana ndipo ndikhoza kumulozera. Ndaphatikiza zithunzi zitatu.

Zikomo,"

Pansi pake dzina lanu, dipatimenti ndi nambala ya foni imene mungayankhe mutachoka pa desiki.

Taonani kuti pempho lili m'ndime yoyamba. Munthu atangowerenga mizere itatu yokha, wadziwa kale choti achite. Moni wautali ndi kupepesa zachotsedwa, ndipo ulemu sunachepe, wangosamukira mu "ndikupempha" ndi "chonde".

Taonaninso mmene za gwero la madzi zalembedwera. Mwina mumtima mukukhulupirira kuti ndi makina oziziritsa mpweya, ndipo n'zotheka, chifukwa makina amenewa amatulutsa madzi kudzera m'kapaipi kamene kakatsekeka ndi litsiro madzi amasefukira m'siling'i. Koma mukalemba ngati mwaziona, adzatuma wokonza makinawo, amene akhoza kubwera mawa n'kupeza kuti ndi paipi ya kuchimbudzi cha pamwamba. Nenani zimene zili pafupi, kusankha kukhale kwawo. Zimene simunaone, monga utsi, n'zofunikanso kuzilemba, chifukwa zimamuuza wowerenga kuti munayang'ana ndipo zinthu sizinafike potulutsa anthu m'nyumba.

Za kuterereka kwanu musazibise poopa kusekedwa. Ngozi imene yangotsala pang'ono kuchitika imalembedwa m'mabuku a chitetezo, ndipo imasonyeza kuti choopsacho si chongoganizira. Wina akakhala kuti wavulala, nenani kuti pali wovulala ndiponso ngati walandira thandizo, koma dzina lake ndi za m'thupi mwake zipite pa fomu ya ngozi, osati m'imelo yokopera anthu angapo.

Mawu akuti "si koyamba" ali ndi malo ake ngati muli ndi tsiku kapena nambala ya dandaulo lakale. Lembani mzere umodzi wouma: vuto lomweli linanenedwa tsiku lakuti, nambala yakuti. Mkwiyo wonse usiyeni kunja. Imelo imeneyi ikhoza kudzawerengedwa ndi anthu ofufuza zinthu zikadzaipa, ndipo mudzafuna kuti idzaoneke ngati ya mboni.

Zithunzi zitatu n'zokwanira. Chimodzi chapatali chosonyeza kolido ndi nambala ya chitseko, kuti chigwire ntchito ya mapu. Chimodzi cha siling'i. Chimodzi cha khoma ndi soketi pamodzi, kuti mtunda uoneke. Jambulani mutaima pouma, ndipo musajambule nkhope za anthu kapena mapepala a ntchito. Gmail imalola zophatikiza zosapitirira 25 MB, ndipo makompyuta a makampani ena amalola zocheperapo, choncho vidiyo ikhoza kuchititsa kuti imelo ikanidwe. Mfundo zonse zikhale m'mawu, chifukwa pafoni zithunzi nthawi zina sizitseguka.

Chachisanu ndi chimodzi: mukadina Send

Tsegulani Sent muone ngati yapitadi. Netiweki ikavuta imelo imakhala mu Outbox mwakachetechete inu mukuganiza kuti mwanena. Onaninso ngati sipanabwere yankho lodzilemba lokha lonena kuti munthuyo kulibe. Likabwera, tumizani nthawi yomweyo kwa amene watchulidwamo.

Yankho lakuti "talandira" si kukonza. Nthawi imene munapempha ikakwana, pitani mukaone ndi maso. Ngati 11:00 yakwana ndipo kanyali ka makina a fotokope kakuyakabe, magetsi sanazimitsidwe. Dinani Reply All pa imelo yomwe ija kuti nkhani ikhale pamzere umodzi, ndipo lembani zatsopano zokha: "Nthawi ili 11:05. Soketi ikadali ndi magetsi, chinyezi chili pafupifupi masentimita 15 pamwamba pake. Ndowa ndaitaya kamodzi." Tsopano onjezani mkulu wa oyang'anira nyumba, ndipo nyamukani mupite ku ofesi yawo kapena kwa bwana wanu, chifukwa pa masentimita 15 nthawi yodikira yankho yatha. Mukalankhula ndi munthu pamaso kapena pafoni, bwererani mulembe mzere umodzi wa zimene mwagwirizana ndi nthawi yake.

Mukaona kuti muchoka vuto lisanathe, musalisiye lopanda mwini. Lembani m'imelo yomweyo amene mwamusiyira ndowa ndi chikwangwani, ndipo alonda ndi oyeretsa a usiku adziwitsidwe, popeza iwo ndi amene adzadutse pamenepo kuli mdima, ena atanyamula mopu yonyowa.

Akadzanena kuti akonza, pitaninso. Onani ngati madzi asiya, ngati bolodi lotupalo latsitsidwa kapena langosiyidwa kuti liume lili pomwepo, ndiponso funsani ngati wamagetsi anatsegula soketi n'kuiyesa asanabwezere magetsi, chifukwa khoma likhoza kuuma kunja madzi atakhala m'kabokosi ka kuseri kwa soketi. Zonse zikakhala bwino, tsekani nkhaniyo ndi mizere iwiri pa imelo yomwe ija: "Ndaona Lachitatu 9:00 m'mawa. Kudontha kwasiya, soketi DB2/14 yayesedwa ndipo ikugwira ntchito, koma bolodi la siling'i pakati pa 214 ndi 216 silinabwezeretsedwe ndipo pali bowo. Chonde tiuzeni tsiku limene lidzaikidwe."